Masamba abwera osokonekera pa WhatsApp: muyambe kusanja kapena kutayipa?

Amene amatayipira anthu makalata ku Ulongwe, ku Furankungo kapena ku Zobwe amaidziwa ntchito iyi. Mlembi wa bungwe, wa mpingo kapena wa kwa amfumu sabweretsanso buku lenileni, chifukwa mtunda ndi wautali ndipo bukulo siliyenera kuchoka m'manja mwake. Amajambula masamba ndi foni, n'kutumiza pa WhatsApp, n'kunena kuti adzatenga zotayipazo tsiku la msika. Zithunzizo zikafika, tsamba lomaliza lili pakati, loyamba lili lachiwiri, ndipo ena alibe nambala n'komwe. Mwini wake akufuna kuti pa zotayipazo aziona bwino pamene tsamba lililonse la m'buku lathera, kuti wina akatsutsa atsegule bukulo n'kuloza.

Njira zogwirira ntchitoyi zilipo zingapo, koma zonse zimadalira mfundo imodzi. Nambala ya tsamba ndi ya pepala, si ya chithunzi. Dzina la chithunzi limangokuuzani za ulendo umene chayenda.

Chithunzi chimene mwalandira pa foni ya Android chimakhala ndi dzina longa `IMG-20240312-WA0011.jpg`. Tsiku limene lili m'dzinamo ndi limene chafika kwa inu, ndipo nambala ya kumapeto imaperekedwa ndi foni yanu pamene chikulowa. Nambalayo imawerengera pamodzi zithunzi zonse za tsikulo, ngakhale zochokera kumagulu ena, choncho mukaona kuti yadumpha kuchoka pa 0014 kufika pa 0016 sizitanthauza kuti tsamba lasowa. Kungakhale kuti chalowa pakati ndi chithunzi cha uthenga wa maliro chochokera kugulu la kumudzi. Kusokonekerako nthawi zambiri kumayambira kwa wotumiza. M'mafoni ambiri chithunzi chatsopano chimakhala pamwamba, ndiye munthu akamasankha kuchokera pamwamba amatumiza buku chobwerera m'mbuyo. Netiweki ikamadukaduka, zithunzi ziwiri zimakanika kupita, iye n'kuzitumizanso pambuyo pa zinzake zonse.

Nkhani imene tiyesere njirazi

Tinene kuti mlembi wa bungwe la alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano watumiza zithunzi 9 za zokambirana za msonkhano umodzi, kuyambira WA0011 mpaka WA0019. Buku lake ndi la mtundu umene timauona kwambiri kuno ku Mozambiki, lija nambala imalembedwa pa pepala lililonse kumaso kokha, pa ngodya ya pamwamba kumanja. Kuseri kwa pepalalo kulibe nambala yakeyake, ndipo m'Chipwitikizi amangolemba `fl. 12` kumaso ndi `fl. 12v` akafuna kutchula kuseri. Izi zikutanthauza kuti nambala imodzi imaimira zithunzi ziwiri, ndipo pafupifupi theka la zithunzi zimene mwalandira lidzakhala lopanda nambala ngakhale mlembiyo wajambula bwino.

Msonkhanowo unayambira kumaso kwa pepala 12 n'kuthera kumaso kwa pepala 16, pamene pali masiginecha. Mukawerenga ndi zala, ndi masamba 9, ndipo zithunzi nazo ndi 9. Apa ndi pamene wotayipa amapusitsika, chifukwa chiwerengero chagwirizana.

Njira yoyamba: kutayipa monga zabwerera, kusanja pambuyo

Iyi ndi njira ya munthu wofulumira. Mumatsegula chithunzi choyamba kufika, mumaika mutu wake monga `WA0011`, mumatayipa, kenaka mumapita pa chotsatira. Mukamaliza zonse mumasuntha zigawozo kuti zikhale m'ndondomeko yake.

Ubwino wake ulipo ndithu. Pofika nthawi yosanja mwawerenga kale mawu alionse, ndiye nkhani yonse ili m'mutu. Pa zolemba za dzanja lovuta, zimene simungathe kuziwerenga mongothamangitsa maso, nthawi zina palibe kuchitira mwina. Ndipo mu Word kusuntha sikuvuta ngati mutu uliwonse mwauika kukhala `Heading 1`, zimene zimachitika mukadina `Ctrl+Alt+1`. Mukatsegula `View` n'kusankha `Navigation Pane`, mitu yonse imaoneka kumanzere, ndipo mukakoka mutu umodzi ndi mausi umasamuka pamodzi ndi mawu onse a pansi pake. Izi zimaposa kudula ndi kumata, kumene mzere womaliza wa tsamba umatsalira mosavuta n'kukamatirira ku tsamba la eni.

Koma pa nkhani ya ku Tsangano ija njirayi ikudyerani nthawi. WA0011 ndi pepala 13 kumaso, ndipo WA0017 ndi pepala 13 lomwelo, lojambulidwa kachiwiri chifukwa poyamba chala chinaphimba ngodya ya pansi. Mukamatayipa motsatana mumazindikira zimenezi mutafika pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri, mutavutika kale ndi chija chophimbikacho. Choipa kwambiri n'chakuti tsamba losowa mumalizindikira kumapeto penipeni, madzulo, pamene mlembi uja ali kudimba ndipo buku lili kunyumba. Palinso vuto la kuwerenga. Mawu oyamba a tsamba amene alembedwa moipa amawerengeka mosavuta ngati mukudziwa mmene tsamba la m'mbuyo lathera. Mukayamba pakati pa chiganizo popanda chiyambi chake, mumangoganizira, ndipo zongoganizirazo zimakhazikika m'zotayipazo.

Ine njirayi ndimailola pa zithunzi zitatu kapena zinayi, kapena pamene tsamba lililonse ndi loima palokha, monga malisiti.

Njira yachiwiri: kusanja kaye ndi kandandanda ka mawu oyamba ndi omaliza

Apa simutayipa kanthu mpaka chithunzi chilichonse chitapeza malo ake. Mumatenga kapepala, kapena fayilo yaing'ono, n'kulemba zinthu zinayi pa chithunzi chilichonse: dzina lake, nambala imene ikuoneka pa pepala, mawu oyamba, ndi mawu omaliza. Mawu atatu kapena anayi akwana. Kandandanda ka nkhani yathu kangaoneke chonchi:

```
WA0011  13  Mfundo 2 ...         (chala chaphimba)
WA0012  12  Msonkhano wa ...     dzina la 17
WA0013  -   transporte 18.400    ... adzakumanenso
WA0014  14  Mfundo 3 ...         anatenga feteleza
WA0015  -   dzina la 18          ... Mfundo 1 yatha
WA0016  16  pa tsiku la ...      masiginecha
WA0017  13  Mfundo 2 ...         mtengo wa thu-
WA0018  15  sanabweze ndalama    a transportar 18.400
WA0019  -   mba limodzi ...      ... anavomereza
```

Musanayambe kulumikiza, werengani. Zithunzi zokhala ndi nambala zilipo 6, koma nambala zosiyana ndi 5 zokha, chifukwa 13 yabwera kawiri. Zopanda nambala zilipo 3. Kuchokera pa pepala 12 kufika pa 16 payenera kukhala kuseri kunayi, kwa 12, 13, 14 ndi 15. Choncho musanawerenge nkhani n'komwe mwadziwa kale kuti tsamba limodzi la kuseri silinatumizidwe. Chatsala n'kudziwa kuti ndi liti.

Awiri mwa atatuwo sakuvuta. Pepala 12 lathera pa dzina la nambala 17 la anthu obwera kumsonkhano, ndipo WA0015 yayamba ndi dzina la 18, ndiye ndi kuseri kwa 12. Pepala 13 lathera pa mawu odulidwa pakati, ndipo WA0019 yayamba ndi chidutswa chotsalacho, n'kupanga mawu akuti thumba. Mawu odulidwa pakati ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, chifukwa n'kovuta kuti zidutswa ziwiri zikumane mwangozi. WA0013 yayamba ndi ndalama yochokera kutsamba la m'mbuyo. Alembi amene anaphunzira kusunga mabuku m'Chipwitikizi amalemba `a transportar` pansi pa tsamba ndi `transporte` pamwamba pa lotsatira, ndipo ndalama yake iyenera kukhala imodzimodzi. Apa 18.400 ili pansi pa pepala 15, osati 14, ndiye WA0013 ndi kuseri kwa 15. Chosowa ndi kuseri kwa 14.

Tsopano taonani msampha. Pepala 14 lathera pa mawu akuti "mamembala amene anatenga feteleza", ndipo pepala 15 layamba ndi "sanabweze ndalama mpaka lero". Mukazilumikiza, chiganizocho chikumveka bwinobwino, palibe pokayikitsa. Wotayipa wodalira khutu lokha angadutse osaima, n'kutulutsa chikalata chonena kuti onse amene anatenga feteleza sanabweze ndalama, pamene tsamba losowalo mwina linali ndi mayina a amene anabweza, n'kuthera pa anthu awiri okha otsala. Chikalata chotero chikawerengedwa pamsonkhano chingadanitse anthu. Chichewa chathu chimalola zimenezi kawirikawiri: chiganizo chothera pa anthu ambiri chimagwirizana ndi mneni aliyense woyamba ndi a- kapena sa-, ndipo m'zokambirana za msonkhano pafupifupi mzere uliwonse ukunena za anthu. Kumveka bwino kwa chiganizo ndi umboni wofooka. Pamafunika wachiwiri, ndipo pa nkhani iyi ulipo: pepala 14 likukamba Mfundo 3, pamene mutu woyamba kuoneka pa pepala 15 ndi Mfundo 6. Mfundo 4 ndi mutu wa Mfundo 5 zapita ndi tsamba losowalo.

Mawu akalephera kuthandiza, pepala lenilenilo limanena zambiri. Tsamba la kumaso limakhala ndi msoko wa buku kumanzere, la kuseri limakhala nawo kumanja, ndiye ngakhale nambala itadulidwa pojambula mumadziwa mtundu wa tsambalo. Mlembi wodinikiza bolopeni amasiya zizindikiro. Mukakulitsa chithunzi cha kuseri n'kuyang'ana pa ngodya ya pamwamba kumanzere, nthawi zambiri nambala ya kumaso imaonekera motembenuka, ndipo 13 wotembenuka sangasokonezeke ndi 14. Banga la mafuta kapena la madzi limadutsa mapepala angapo oyandikana, likumachepa pang'onopang'ono. Pamene bolopeni yabuluu inatha n'kuyamba yakuda, masamba onse a inki yakuda amabwera pambuyo pa malowo. Ngodya yopindika imaoneka mbali zonse ziwiri za pepala limodzi.

Mukatsimikiza, sinthani mayina a zithunzizo, koma pa kope la foda, kuti zoyambirira zikhale monga zinabwerera. Mu Windows mumadina `F2` pa fayilo n'kulemba dzina latsopano. Ndimakonda kuika `a` pa kumaso ndi `b` pa kuseri, n'kusiya dzina lakale kumapeto, monga `12a_WA0012.jpg` ndi `12b_WA0015.jpg`. Dzina lakalelo limathandiza pamene mukuimbira mlembi, chifukwa mungathe kubwerera pa WhatsApp n'kuyankha pa chithunzi chenichenicho. Ngati nambala zikuyambira pansi pa 10, ikani ziro kutsogolo, 01, 02, 03, chifukwa mapulogalamu ena amaika 10 ndi 11 patsogolo pa 2. Chithunzi chobwereza musachifufute. Chotsani m'ndandanda chosaoneka bwinocho koma chisungeni, popeza mawu amene ali mumthunzi pa chimodzi amatha kuoneka pa chinzake.

Mtengo wa njirayi ndi nthawi imene imapita musanatayipe liwu limodzi, ndipo kasitomala woima pakhomo amaona ngati mukungoyang'ana zithunzi. Koma uthenga wopempha tsamba losowa umapita m'mawa, mlembi akadali pafupi ndi buku. Pa zithunzi zisanu kupita m'tsogolo, iyi ndiyo ndimasankha.

Nanga nthawi imene chithunzi chinajambulidwa?

Ambiri amafunsa za iyi chifukwa imaoneka yachidule. Kamera ya foni imalemba tsiku ndi nthawi m'kati mwa chithunzi, ndipo mafoni ambiri amaziikanso m'dzina, monga `IMG_20240312_101530.jpg`, kutanthauza 10:15 ndi masekondi 30. Mu Windows mungaonjezere mzati wa `Date taken` n'kusanja nawo.

Zolepheretsa ndi ziwiri. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira wamba chimapanikizidwa, ndipo nthawi ya m'kati ija imachotsedwa pamodzi ndi dzina loyamba. Zimatsala pokhapokha wotumiza atasankha `Document` m'malo mwa `Gallery`, kapena mutakopera ndi chingwe kuchokera pafoni yake. Chachiwiri, nthawiyo imakuuzani mmene munthu anajambulira, osati mmene buku lilili. Ena amajambula masamba onse a kumanja kaye, kenaka a kumanzere. Ena amayambira pa masiginecha. Chobwereza chimakhala kumapeto nthawi zonse. Ndipo tsamba limene silinajambulidwe silisiya mpata uliwonse m'nthawizo. Nthawi ndi yabwino poyambira kusanja, makamaka zithunzi zikakhala makumi angapo, koma kandandanda kaja kamafunikabe.

Njira yachitatu: tsamba lililonse fayilo yakeyake

Zithunzi zikachuluka, kapena otayipa mukakhala awiri, kapena masamba akamabwera pang'onopang'ono kwa masiku angapo, ndi bwino kupatsa chithunzi chilichonse fayilo yake ya mawu yokhala ndi dzina lofanana nacho. `12a_WA0012.jpg` imakhala ndi mnzake `12a.txt`. Kusanja kumakhala kungosintha dzina la fayilo, ndipo tsamba losowa likafika mawa limangolowa pamalo pake popanda kukhudza zina. Malire a tsamba sangasokonekere, chifukwa malirewo ndi fayilo yeniyeniyo.

Pomaliza mumalumikiza. Mu Word muli `Text from File`, pansi pa `Insert` ndi `Object`. Pa `cmd` ya Windows, muli m'foda imene muli mafayilowo, mungalembe chonchi:

```
copy /b 12a.txt+12b.txt+13a.txt+13b.txt zonse.txt
```

Ndalemba mayina limodzilimodzi dala. Mukagwiritsa `*.txt` pa fulashi, mafayilo angathe kulumikizidwa mmene anakoperedwera osati mmene mayina akuyendera, ndipo chisokonezo chija chimabwerera. Onetsetsaninso kuti fayilo iliyonse yayamba ndi mzere wonena tsamba lake ndipo yathera pa mzere wopanda kanthu, apo ayi liwu lomaliza la tsamba lina limamatirira pa mutu wa linzake.

Kuipa kwake n'kwakuti tebulo loyambira pa tsamba lina n'kuthera pa linzake limaduka, ndipo kukongoletsa konse kumadikira mpaka kumapeto. Pa masamba 9 ndi ntchito yongowonjezera. Pa buku lonse la ubatizo kapena kaundula wa mudzi, palibe ina yoposa iyi. Mapulogalamu owerenga zilembo pa chithunzi amayenda bwino ndi njira yomweyi, tsamba limodzi pa nthawi, koma ndi othandiza pa zosindikizidwa ndi makina. Pa dzanja la mlembi wosakaniza Chichewa ndi Chipwitikizi, kukonza zolakwika zake kumatha kutenga nthawi yoposa kutayipa nokha, ndipo kusanja masamba kumatsalabe kwa inu.

Kupempha kuti atumizenso

Nthawi zina yankho ndi kuimba foni. Ngati masamba ambiri ndi osaoneka bwino, kapena ngodya za manambala zadulidwa, musalimbane nazo. Pemphani mlembi ajambule panja pamthunzi, tsamba limodzi pa chithunzi, ngodya zonse zinayi zikuoneka, ndipo aike kapepala kolembedwa 12a, 12b pambali pa tsamba lililonse, osalemba m'bukumo. Amene ali ndi Google Drive pafoni angagwiritse `Scan`, imene imasonkhanitsa masamba m'fayilo imodzi ya PDF motsatana. Koma kumbukirani kuti mukumudyera ndalama ya intaneti, ndipo mwina ayenera kukwera kaphiri kuti apeze netiweki. Pa nkhani yathu n'zosafunika kutumizanso zonse. Uthenga wake ungakhale wakuti: "Bambo mlembi, zonse zafika bwino, koma kuseri kwa pepala 14 kulibe. Tsegulani pamene palembedwa 14, mutembenuze pepalalo, mujambule tsamba la kumanzere, lija lili ndi Mfundo 4." Mukangoti tsamba lina lasowa, adzatumizanso zithunzi 9 zomwe zija.

Kusonyeza pamene tsamba lathera

Kusanja kukatha patsala funso lachiwiri, ndipo apa anthu amasiyana maganizo kwambiri.

Njira imodzi tiichotseretu: kudina `Enter` kambirimbiri mpaka mawu atatsikira pa tsamba lotsatira. Mukangowonjezera mzere umodzi pamwamba, kapena fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina ya zilembo zosiyana, malire onse amasuntha. Mukalandira fayilo ya wina n'kukayikira, dinani `Ctrl+Shift+8`, mudzaona mzera wa zizindikiro za ¶ zopanda mawu.

Malire enieni a tsamba mu Word amaikidwa ndi `Ctrl+Enter`, ndipo mu Google Docs n'chimodzimodzi. Amakhala pamalo pake ngakhale muwonjezere mawu, ndipo mungawapeze onse polemba `^m` m'bokosi lofufuzira la Word. Amayenera pamene mwini wake akufuna pepala limodzi lotayipa pa tsamba limodzi la m'buku, kuti aziika pambali n'kumafananiza. Koma ali ndi zofooka zitatu. Tsamba lolemba pamanja silidzaza pepala la A4 likatayipidwa, ndiye kasitomala amalipira mapepala 9 amene ambiri ndi oyera theka. Nambala imene Word imaika pansi imayambira pa 1 ndipo sidziwa za 12 kumaso kapena 12 kuseri. Ndipo wina akakopera mawuwo n'kuwamata pa WhatsApp, malirewo amasowa osasiya chizindikiro.

Chimene chimapirira zonsezi ndi mzere wolembedwa ndi zilembo wamba, woima pawokha pamwamba pa tsamba lililonse:

```
[[ fl. 13v | WA0019 ]]
```

Mzerewu umanena tsamba la m'buku ndi chithunzi chimene lachokera. Umayenda ndi mawu kulikonse kumene akoperedwa, ndipo chifukwa palibe mlembi amene amalemba mabulaketi awiri motsatana, mukafufuza `[[` mumapeza malire onse n'kuwawerenga. Uikeni pamwamba pa tsamba, osati pansi. Chizindikiro cha pansi chimasokoneza wowerenga, sadziwa ngati nambalayo ndi ya zimene wawerenga kapena zimene zikubwera. Amene amasunga zolemba zakale pa kompyuta ndi ndondomeko ya TEI amachita chimodzimodzi, chizindikiro chawo `<pb n="13v"/>` chimaima pamene tsamba latsopano likuyambira.

Njira ziwirizi zimatheka kuphatikiza, ndipo mu Word ndi mmene ndimachitira. Mzere wa chizindikiro uja ndimaupanga `Heading 1`, kenaka m'makonzedwe a sitayiloyo, pa `Paragraph`, ndimachonga `Page break before`. Pamenepo chizindikiro chilichonse chimayambitsa tsamba latsopano chokha, ndipo mukachikoka mu `Navigation Pane` malire ake amapita nacho. Kasitomala akaona mtengo wa mapepala n'kusintha maganizo, mumangochotsa chongacho kamodzi, mawu onse n'kuyandikana, zizindikiro zili pomwepo.

Tsamba losowa nalo lipatsidwe mzere wake, ngakhale mukuyembekeza kuti lifika mawa:

```
[[ fl. 14v | CHITHUNZI PALIBE ]]
```

Popanda mzere umenewu, chiganizo cha feteleza chija chimadzilumikiza chokha, ndipo aliyense amene angasindikize fayiloyo inu kulibe sadzadziwa kuti pali dzenje. Tsamba limene m'buku ndi loyera lilembedwenso kuti ndi loyera, chifukwa loyera ndi losowa n'zosiyana, ndipo pa nkhani za malo kapena za ndalama wina adzafunsa. Ngati pali tsamba limene mwaliika pamalo mongoganizira, ikani funso m'chizindikiro chake, `fl. 15v?`, mpaka mwini buku atatsimikiza.

Mawu odulidwa pakati ndi tebulo lopitirira

Patsala liwu lija la thumba, limene theka lili pa 13 kumaso ndipo theka lili kuseri. Mungalisiye monga lilili, `thu-` pansi pa tsamba ndi `mba` pambuyo pa chizindikiro. Izi n'zokhulupirika ku buku, ndipo ndi zoyenera ngati zotayipazo zikupita kokaweruza mlandu kapena ku ofesi kumene adzafananiza mzere ndi mzere. Kuipa kwake n'kwakuti wofufuza liwu lakuti thumba pa kompyuta salipeza pamenepo. Njira ina ndi kumaliza liwulo pa tsamba limene layambira, chizindikiro n'kubwera pambuyo pake. Pa zokambirana za bungwe ndi makalata a mpingo ndimatsata yachiwiriyi. Chofunika n'kusankha imodzi pa chikalata chonse n'kulemba mzere umodzi pamwamba wonena zimene mwachita.

Chiganizo chopitirira pa tsamba lina musachitseke ndi kadontho, ndipo liwu loyamba la tsamba lotsatira musaliyambe ndi chilembo chachikulu. Word imakonda kukuza yokha chilembo choyamba cha mzere watsopano, ndiye "sanabweze" amasanduka "Sanabweze", n'kuoneka ngati chiganizo chatsopano pamene ndi mchira wa china. Zikachitika dinani `Ctrl+Z` nthawi yomweyo, chilembocho chimabwerera.

Pa tebulo la ndalama, dulani tebulolo pamene buku ladulira, ikani chizindikiro pakati, ndipo mizere ya `a transportar` ndi `transporte` muitayipe yonse iwiri ngakhale ikubwereza nambala imodzi. Musaiwerengere kawiri pophatikiza, koma musaichotse, popeza ndi imene ikusonyeza kuti masamba awiriwo ndi oyandikana. Ngati ndalama ya pansi ndi ya pamwamba zasiyana, musakonze. Mwina mlembi analakwitsa pokopera, mwinanso pakati pali tsamba lina limene simunalandire, ndipo zonse ziwiri ndi zofunsa mwini buku.

Musanapereke ntchito, fufuzani `[[` n'kuwerenga zizindikirozo motsatana: 12, 12v, 13, 13v, 14, 14v, 15, 15v, 16. Zikhale 9, ndipo dzina la chithunzi lisabwere kawiri. Kenaka pa malire alionse werengani mzere womaliza ndi woyamba muli ndi zithunzi ziwirizo pamaso, osati zotayipa zokha, chifukwa mzere wapansi penipeni pa chithunzi, pamene pepala limapindikira ndipo mthunzi wa foni umagwera, ndi umene umadumphidwa kawirikawiri. WA0011, chobwereza chija, chilembedwe pansi pa chikalata kuti chinalandiridwa koma sichinagwiritsidwe ntchito, kuti mlembi akawerenga zithunzi zake 9 n'kupeza mayina 8 okha asaganize kuti mwataya tsamba.